KUWERENGA MAPU A PANYANJA: NAMBALA YA PAPEPALA SI KUYA KWA MADZI A LERO

Munthu wochokera ku Angonia kapena ku Tsangano akafika koyamba pagombe la Beira madzi ataphwa, amatha kudabwa kuti sitima zikuluzikulu zija zobweretsa mafuta ndi feteleza zimadutsa pati. Kutsogolo kwa mzindawu, komwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya mchere, kumaoneka matope ndi milu ya mchenga mpaka kutali. Pakangotha maola asanu ndi limodzi, malo omwewo amasanduka nyanja yokhayokha yosaoneka polekezera. Milu ija sikuti yachoka ayi, yangobisala pansi pa madzi abii omwe diso silingathe kupyoza.

Woyendetsa boti pamalo otere amadalira pepala limodzi, lomwe ndi mapu a panyanja. Mapuwa amasiyana ndi omwe ana amaphunzira kusukulu poti za kumtunda sasamala nazo kwenikweni. Misewu ndi midzi ikhoza kusowapo, koma chilichonse chobisika pansi pa madzi chimalembedwa mosamala, pamodzi ndi zizindikiro zoyandama zomwe akuluakulu a doko adaika kuti zilondolere anthu njira. Zoyandamazi amalinyero akuno amazitcha maboya, potengera Chipwitikizi.

Zoyamba kuwerenga zili pansi pa mutu

Wophunzira akatambasula mapuwa, maso ake amathamangira kumanambala ambirimbiri omwe adamwazika ngati mapira pamphasa. Odziwa ntchitoyi sayambira kumeneko. Iwo amayamba ndi mawu olembedwa pansi pa mutu wa mapu, chifukwa ndi pomwe pamanenedwa muyeso womwe manambalawo akutsata. Mapu amakono amalemba kuti DEPTHS IN METRES, kutanthauza kuti kuya kwayesedwa m'mamita. Koma alipo mapu akale a Angelezi omwe adalembedwa kuti SOUNDINGS IN FATHOMS, ndipo fatomu imodzi ndi mapazi 6, omwe ndi mamita 1.83. Nambala 3 pamapu akalewo ndi mamita pafupifupi 5.5, pomwe pamapu amakono ndi mamita atatu basi. Munthu wozolowera mapu akale akatenga amakono osayang'ana mutu, adzaganiza kuti ali ndi madzi ochuluka pafupifupi kawiri kuposa omwe alipodi.

Pomwepo pamalembedwanso sikelo. Pamapu a 1:25 000, sentimita imodzi ikuimira mamita 250, ndipo amenewa ndi oyenera polowera padoko. Pamapu a 1:300 000 sentimita yomweyo ikuimira makilomita atatu, kotero mulu wa mchenga wautali ngati bwalo la mpira sungaonekepo bwino, ndipo maboya ambiri amasiyidwa dala kuopa kudzaza pepala. Mapu oterewa ndi oyendera kuchoka ku Beira kupita ku Quelimane, osati olowera mumtsinje. Vuto lomweli limapezeka pamapu a pafoni ndi pamakina a m'boti: chithunzi chikachepetsedwa kuti dera lalikulu lioneke, zoopsa zing'onozing'ono zimazimirira, ndipo zimabweranso pokhapokha chithunzicho chikakulitsidwa.

Mtunda umayesedwa ndi timizere ta m'mbali mwa mapu, kumanzere kapena kumanja, osati ta pamwamba kapena pansi. Mphindi imodzi ya latichudi pambalipo ndi mailo imodzi ya panyanja, yomwe ndi mamita 1,852. Kachipangizo ka miyendo iwiri kaja ana amajambulira zozungulira pamasamu kamagwira bwino ntchitoyi.

Manambala ndi mzere wa ziro

Tsopano manambala aja. Nambala iliyonse ikunena kuya kwa madzi pamalo penipeni pomwe yalembedwa. Nambala yaikulu ndi mamita, ndipo kanambala kakang'ono kokhala m'munsi pambali pake ndi magawo khumi a mita. Choncho 5₂ ndi mamita 5.2, osati 52, ndipo 0₈ ndi masentimita 80 okha.

Funso lomwe wophunzira aliyense ayenera kufunsa ndi lakuti: mamita 5.2 kuyambira pati, popeza madzi a m'nyanja ya mchere amakwera ndi kutsika kawiri patsiku? Ojambula mapu adasankha mzere umodzi wosasintha, womwe Apwitikizi amautcha ziro wa m'madzi ndipo amaulemba mwachidule kuti ZH. Mzerewu adauika pansi kwambiri, cha pomwe madzi amalekezera akaphwa zedi, kotero kuti madzi satsika kupyola pamenepo kawirikawiri. Manambala onse a kuya amawerengedwa kuchokera pamzerewu kupita pansi. Tanthauzo lake ndi lakuti nambala ya pamapu ikunena madzi ochepetsetsa omwe munthu angayembekezere pamalopo, ndipo madzi enieni a ola limenelo ndi nambalayo kuphatikiza msinkhu womwe nyanja yakwera pamwamba pa ziro.

Msinkhuwu supezeka pamapu. Umapezeka m'kabuku ka ndandanda wa kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, komwe kamasindikizidwa chaka ndi chaka ndipo kamanena, padoko lililonse, nthawi ndi msinkhu wa madzi akadzaza ndiponso akaphwa. Kumadoko ena kusiyanaku kumakhala kochepa moti munthu wosasamala amatha kupulumuka mwamwayi. Ku Beira mwayi wotero kulibe. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita asanu ndi limodzi, kutalika koposa denga la nyumba wamba. Mwezi ukakhala theka, kusiyanako kumachepa kwambiri: madzi sadzaza zedi ndipo saphwanso zedi.

Ichi ndicho chinsinsi cha sitima zija. Mpita wa Makuti, womwe ndi njira yolowera padokoli, umakumbidwa ndi makina kuti ukhale wakuya pafupifupi mamita 8 pansi pa ziro. Sitima yomwe thupi lake limamira mamita 10 singadutsemo madzi ataphwa. Imaponya nangula kunja n'kudikira, ndipo nyanja ikakwera mamita anayi kapena asanu, mpita uja umakhala wa mamita 12 kapena 13, sitima n'kulowa motsogozedwa ndi woyendetsa wa padoko yemwe amakwera kudzaithandiza. Ku Nacala zinthu n'zosiyana poti polowera pake mpakuya mwachilengedwe.

Pali manambala ena omwe amakhala ndi kamzere kunsi kwake, ndipo amenewa ndi omwe amapusitsa ophunzira ambiri. Nambala yotere sikunena kuya ayi, ikunena kutalika kwa nthaka pamwamba pa ziro. Malo olembedwa 0₉ ya kamzere kunsi ndi mulu womwe umatuluka masentimita 90 kunja madzi akatsika kufika pa ziro. Nambala yotere imachotsedwa pamsinkhu wa madzi, siphatikizidwa.

Mitundu imathandiza diso kuona zonsezi msangamsanga. Pamapu amakono a Angelezi, omwe ndi ofala m'sitima zambiri, mtunda ndi wachikasu, malo omwe amamira n'kuumanso ndi obiriwira, madzi osaya ndi abuluu, ndipo madzi akuya amasiyidwa oyera. Apa wophunzira asamale, chifukwa pamapu a kusukulu buluu wakuda ndiye nyanja yakuya, pomwe kuno buluu ndi chenjezo. Palinso mizere yopyapyala yolumikiza malo ofanana kuya, monga mamita 2, 5, 10 ndi 20. Mizereyi ikathithikana ndiye kuti pansi pali chiphedi, ndipo boti likhoza kuchoka pamamita 10 kufika pamchenga m'kanthawi kochepa, makina oyeza kuya asanachenjeze mokwanira.

Boti la mamita 1.8 ndi mulu wa mchenga

Chitsanzo chimodzi chingathandize, ndipo manambala a tsikuli ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe. Boti la injini la asodzi likufuna kudutsa chidule pamwamba pa mulu kuti lilowe mumtsinje. Thupi lake limamira mamita 1.8 likanyamula nsomba ndi ayezi. Pamapu, malo okwera kwambiri panjirayo alembedwa 0₉ ya kamzere kunsi. Kabuku kakuti tsikulo madzi aphwa 7 koloko m'mawa pamsinkhu wa mamita 1.2, ndipo adzaza cha m'ma 1 koloko masana pamsinkhu wa mamita 6.0.

Woyendetsa amayamba ndi kufunsa kuti akufuna madzi ochuluka bwanji. Boti likufuna mamita 1.8. Pamenepo awonjezere theka la mita la mpata wapansi, chifukwa boti limadumpha ndi mafunde ndiponso mchenga ukhoza kukhala utakwera chijambulireni mapu. Awonjezerenso masentimita 90 a mulu uja. Zonse pamodzi ndi mamita 3.2, ndipo umenewu ndi msinkhu womwe nyanja iyenera kufika boti lisanayese kudutsa.

Pa 7 koloko paja, pamwamba pa mulu pali masentimita 30 okha, madzi olekeza m'miyendo. Woyang'ana ali patali adzaona nyanja yosalala bwinobwino, osadziwa kuti ngakhale bwato lamtengo likhoza kukhula pansi.

Nanga mamita 3.2 afika nthawi yanji? Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Amayamba pang'onopang'ono, amathamanga pakati, n'kuzizira kumapeto. Amalinyero ali ndi njira yachidule yowerengera. Amatenga kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa n'kukugawa pa 12. Apa kusiyanako ndi mamita 4.8, choncho gawo limodzi ndi masentimita 40. Ola loyamba nyanja imakwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatunso, lachisanu awiri, ndipo lomaliza limodzi.

Potsata njirayi, 8 koloko msinkhu udzakhala mamita 1.6, ndipo 9 koloko udzakhala 2.4, womwe ukadali wosakwana. Pofika 10 koloko udzakhala 3.6, womwe wapyola 3.2 uja. Woyendetsa wanzeru adikire mpaka 10 koloko, ngakhale masamu akuonetsa kuti mphindi makumi awiri zisanakwane akhoza kudutsa mopanikiza. Madzi akayamba kubwerera, kawerengedwe n'komweko mobwerera m'mbuyo: 2 koloko mamita 5.6, 3 koloko 4.8, ndipo 4 koloko 3.6. Pofika 5 koloko adzakhala atatsika kufika 2.4, khomo litatsekeka.

Ngakhale 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo zili ndi nambala yofanana, nthawi ziwirizi sizifanana kuopsa. Boti likakhudza mchenga 10 koloko, madzi akukwerabe ndipo alinyamula pakapita mphindi zochepa. Likakhudza 4 koloko, madzi akuthawa, ndipo pakatha ola limodzi lidzakhala litagona cham'mbali, kudikira usiku. Choipa koposa ndi kutitimira pamulu wautali pa nthawi yomwe madzi adzaza zedi mwezi uli wathunthu, popeza masiku otsatira nyanja sifikanso pamsinkhu umenewo, ndipo boti likhoza kukhala pomwepo pafupifupi masabata awiri.

Njira ya magawo 12 ili ndi malire ake. Imaganiza kuti nyanja imatenga maola asanu ndi limodzi kukwera ndi ena otero kutsika, pomwe pamathiriro a mitsinje kutsika kumakonda kutenga nthawi yaitali kuposa kukwera. Mphepo yamphamvu ndi madzi osefukira a dzinja zimasinthanso msinkhu, kabuku osadziwa. N'chifukwa chake theka la mita lija silofunika kuliumira. Ndipo kabuku ka dzulo si ka lero: nthawi ya kudzaza imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse.

Ofiira kumanzere polowa

Mapu amanena komwe kuli madzi, koma panyanja palibe mizere yojambulidwa. Maboya ndiwo amalumikiza pepala ndi zomwe maso akuona. Kale dziko lililonse lidali ndi kaikidwe kake, ndipo chisokonezocho chidaphetsa anthu. M'mwezi wa Januwale 1971 sitima ya Texaco Caribbean idawombana ndi ina n'kumira pampata wa Dover, pakati pa Mangalande ndi Falansa. M'mawa mwake sitima ya Brandenburg idagunda zotsalira zake n'kumiranso, ndipo mwezi wotsatira Niki idachita chimodzimodzi ngakhale pamalopo padali pataikidwa zizindikiro. Ngozizi zidafulumizitsa mgwirizano, ndipo mu 1980 mayiko adavomerezana malamulo a bungwe la IALA omwe adagawa dziko lapansi m'zigawo ziwiri. Mozambiki, pamodzi ndi Afirika yense ndi Ulaya, ali m'chigawo A. Mayiko a ku Amerika, Japani, Koreya ndi Filipino ali m'chigawo B, komwe mitundu ya m'mbali mwa mpita ndi yotembenuza.

Boti lochokera kunja limayamba kukumana ndi boya la madzi abwino. Limeneli lili ndi mizere yofiira ndi yoyera yotsika kuchokera pamwamba, ndipo nthawi zambiri limasenza mpira umodzi wofiira. Pamapu pansi pake pamalembedwa RW. Likunena kuti mbali zonse kuli madzi okwanira, ndipo limaikidwa pakhomo pa mpita kapena pakati pake. Nyale yake ndi yoyera ndipo siphethira mofulumira: imayaka ndi kuzima nthawi zofanana, zomwe mapu amalemba Iso, kapena imawala kamodzi motalika pamasekondi khumi alionse, LFl 10s.

Kuchoka apo amayamba maboya a m'mbali. Polowa kuchokera kunyanja, ofiira amasiyidwa kumanzere kwa boti ndipo obiriwira kumanja. Ofiira amaoneka ngati chitini, athyathyathya pamwamba, pomwe obiriwira ndi osongoka ngati denga la nkhokwe. Maonekedwewa ndi ofunika kuposa momwe wophunzira angaganizire, chifukwa dzuwa likakhala kumaso, kapena boya likachita dzimbiri ndi zitosi za mbalame, mtundu suoneka koma mutu wake umaoneka. Pamapu chojambula chake chimatsata maonekedwe omwewo, ndi chilembo R pansi pa lofiira ndi G pansi pa lobiriwira. Usiku nyale zake zimakhala za mitundu yomweyo. Potuluka padoko zonse zimatembenuka, ofiira amakhala kumanja, ndipo apa ndi pomwe olowera ntchito chatsopano amasokonezeka. Pomwe sipakudziwika bwino kuti kulowa ndi kuti, monga pakati pa zilumba, mapu amaika muvi waukulu wokhala ndi timadontho tiwiri wosonyeza mbali yomwe maboya akuwerengedwera.

Malo enieni a boya pamapu ndi kabwalo kakang'ono kokhala patsinde pa chojambulacho, osati pamutu pake. Ngati lili ndi nyale, pambali pake pamajambulidwa kadontho kotalika kofiirira ngati lawi.

Achikasu ndi akuda

Mtundu wina wa maboya sunena za kumanja kapena kumanzere. Umanena mbali ya dziko komwe kuli madzi abwino, ndipo umafuna kuti m'boti mukhale kampasi. Onse ndi achikasu ndi akuda, ndipo amasenza nsonga ziwiri zakuda pamutu. Nsonga zonse zikaloza kumwamba, limenelo ndi boya la kumpoto, ndipo boti lidutse kumpoto kwake poti choopsa chili kummwera. Zonse zikaloza pansi ndi la kummwera. Ina ikaloza kumwamba ina pansi, matsinde atakhudzana, ndi la kummawa. Nsonga zikalozana, n'kuoneka ngati mtondo wowonda m'chiuno, ndi la kumadzulo.

Utoto wake suvuta kukumbukira munthu akadziwa kuti nsonga zimaloza komwe kuli wakuda. La kumpoto ndi lakuda pamwamba, lachikasu pansi, ndipo mapu amalemba BY. La kummwera ndi YB. La kummawa ndi lakuda pamwamba ndi pansi, BYB, pomwe la kumadzulo lili ndi lamba wakuda pakati, YBY.

Usiku nyale zake ndi zoyera, zophethira mofulumira, ndipo zimatsata nkhope ya wotchi. La kummawa limaphethira katatu n'kupuma, monga 3 koloko imakhalira kumanja kwa wotchi. La kummwera kasanu n'kamodzi, kenako kuwala kumodzi kotalika. La kumadzulo kasanu n'kanayi, ndipo la kumpoto limangophethira osalekeza. Pamapu zimaoneka motere:

```
Q             kumpoto
Q(3)10s       kummawa
Q(6)+LFl.15s  kummwera
Q(9)15s       kumadzulo
```

Kuwala kotalika kwa boya la kummwera kudaikidwa dala. Boti likamavina pamafunde n'kosavuta kutaya chiwerengero pakati pa 6 ndi 9, ndipo kusokoneza awiriwa ndi kudutsa mbali yolakwika. Nambala yokhala ndi s ndi masekondi omwe dongosolo lonse limatenga lisanayambirenso, ndipo woyendetsa amayenera kuwerenga ndi wotchi, kawiri kapena katatu, asanakhulupirire kuti boya lomwe akuliona ndi lomwe akuliganizira.

Latsala limodzi lomwe silifunika kulisokoneza ndi la madzi abwino: lakuda la lamba wofiira, losenza mipira iwiri yakuda, BRB pamapu, nyale yoyera yophethira kawiri, Fl(2). Limeneli limakhala pamwamba penipeni pa choopsa chaching'ono, monga thanthwe kapena sitima yomira, chomwe chazunguliridwa ndi madzi abwino. Mpira umodzi wofiira ukuitana boti kuti liyandikire, mipira iwiri yakuda ikulithamangitsa.

Kujambula njira ndi kuiyesa

Zoopsa zambiri zilibe boya, zimangopezeka papepala pokha. Kamtanda + ndi mwala wa pansi pa madzi womwe kuya kwake sikudziwika bwino. Kanyenyezi ndi mwala womwe umamira n'kutulukanso. Wk ndi sitima yomira. Chilichonse chozunguliridwa ndi timadontho ndi choopsa, ndipo PA akutanthauza kuti malo ake ndi ongoyerekeza, kotero chilambalalidwe patali. Zilembo monga S, M ndi R zimanena za pansi: mchenga, matope ndi miyala. Nangula amagwira bwino m'matope ndi mumchenga, koma pamiyala amakhoza kukwekwereka kapena kukodwa osatulukanso.

Malo opanda nambala iliyonse asamatengedwe ngati abwino. Nthawi zambiri ndi malo omwe sadayesedwe. Mapu ambiri ali ndi kachithunzi pakona kosonyeza zaka zomwe mbali iliyonse idayesedwa. Kuyesa kwakale kudali kwa chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, komwe kumangonena za pomwe mtovuwo wagwera, ndipo mwala wokhala pakati pa mizere iwiri ya oyesa umatha kuphonyedwa. Pathanthwe nambala yakale imakhalabe yoona. Pamchenga wa pamathiriro a Pungwe ndi Buzi sichoncho, chifukwa mitsinjeyi imatsitsa matope chaka chilichonse, ndipo namondwe ngati Idai, yemwe adagunda Beira m'Malichi 2019, amatha kusuntha milu ndi maboya omwe. Pachifukwachi akuluakulu oona za panyanja amatulutsa zidziwitso kwa amalinyero, ndipo zosintha zimalembedwa pamapu ndi cholembera, chaka ndi nambala yake n'kuikidwa pakona ya m'munsi kumanzere. Mapu omwe pakonapo padalembedwa komaliza zaka khumi zapitazo ayenera kukayikiridwa.

Ulendo usanayambe, woyendetsa amatenga pensulo n'kuzunguliza malo onse omwe madzi sangakwanire boti lake pa nthawi yomwe adzadutse. Zotsalazo ndiwo madzi abwino a boti limenelo tsiku limenelo, ndipo njira imajambulidwa m'menemo. Pakapepala kapadera amalemba maboya motsatana, mtundu, nyale, mbali yolisiya, ndi kuya komwe akuyembekezera pafupi ndi lililonse. Kuyaku ndiko kumamuuza ngati wasokera. Mapu akati 4₀ ndipo nyanja yakwera mamita 3, madzi ayenera kukhala pafupifupi mamita 7. Makina akaonetsa 4, china chalakwika: mwina boti silili pomwe akuganiza, mwina boya lasuntha, mwina mchenga wakwera. Chochita ndi kuchepetsa liwiro, ndipo ngati kuya kukupitirira kuchepa, kubwerera m'njira yomwe wadzera, popeza imeneyo yokha ndi yomwe waiyesa. Adziwenso ngati makina ake akuwerenga kuchokera pamwamba pa madzi kapena kuchokera pansi pa boti, chifukwa paboti lija la asodzi kusiyanako ndi mamita 1.8 athunthu.

Kulunjika mphuno ya boti paboya lotsatira sikokwanira. Madzi akamathamanga chopingasa, boti limakankhidwira pambali ngati nkhanu, mphuno ikadali paboya, mpaka kutuluka mumpita. Poyang'ana kumbuyo, boya lomwe langodutsidwa liyenera kukhala pamzere umodzi ndi boti komanso boya lakutsogolo. Boya lenilenilo limaululanso komwe madzi akulowera, poti limapendekeka ndipo limasiya kamchira ka thovu mbali imeneyo. Mafunde osweka pamalo amodzi pomwe kwina kuli bata ndi chizindikiro cha mulu. Ndipo boti laling'ono lisakhale pakati pa mpita sitima yaikulu ikamabwera, chifukwa iyo singapatuke. Boti limayenda m'mphepete cha kumanja kwake, ndipo mapu ndiwo amanena ngati kunja kwa maboya kuli madzi olikwanira.

Kwa asodzi a ku Metangula ndi Cobue, nyanja ya Niassa ilibe kudzaza ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku, kotero kabuku kaja sikagwira ntchito kumeneko. Koma nkhani ya ziro ilipobe. Madzi amakwera pakutha pa mvula, cha m'Epulo ndi Meyi, n'kutsika pafupifupi mita imodzi pofika Novembala kapena Disembala, ndipo zaka zina amapyola apo, monga mu 2024 pomwe adalowa m'nyumba za m'mbali mwa nyanja. Mwala womwe boti lidadutsa pamwamba pake mu Meyi ukhoza kuthyola chopalasira cha injini mu Novembala. Pa Cahora Bassa msinkhu umatsata mvula ya kumtunda ndi madzi omwe akutulutsidwa padamu, ndipo pansi pake pali mitengo ndi zitunda zomwe zidamira pomwe damulo lidayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Wogwiritsa mapu a nyanja ziwirizi ayenera kupeza pansi pa mutu msinkhu womwe manambala adawerengedwera, n'kufunsa padoko kuti madzi a sabata imeneyo ali pamwamba kapena pansi pake ndi masentimita angati.